Dzuwa likhale kumaso, osati kumsana

Chiyambire nyengo yogulitsa mbewu ino, m'magulu a WhatsApp a makopaletivu kuno ku Chipata mwadzaza zithunzi za katuni zomwe anthu akupanga pafoni kuchokera ku nkhope zawo. Zambiri nkhope ndi yakuda bii, maso osaoneka, mphuno yosowa. Eni ake amati foni ndi yachabe, pamene cholakwa ndi pamalo pomwe anaima podzijambula.

Munthu amaima pakhomo kapena pansi pa mtengo wa mango, kuwala konse kuli kumsana. Kamera imayeza kuwala kwa kumbuyoko, nkhope n'kuisiya mumdima. Tsono pulogalamu ya katuni imayamba ndi kufunafuna maso, mphuno, milomo ndi chibwano, kenaka n'kulemba mizere motsata zimenezo. Pomwe pali mthunzi siiona kanthu, imangopeka. Ndiye chifukwa chake mumalandira nkhope ya munthu wina, nthawi zina yoyera kuposa yanu. Ife akhungu lakuda vutoli limatigwira kwambiri, makamaka ndi kamera yakutsogolo yomwe ndi yofooka kuposa yakumbuyo.

Ndipo kuyesa kulikonse kumadya bandulo. Mapulogalamu ambiri otere amatumiza chithunzi pa intaneti kuti chikakonzedwe kumeneko, komanso aulerewa amakuonetsani zotsatsa malonda, zomwenso zimadya. Chithunzi choipa mukachibwereza kakhumi, mwalipira kakhumi.

Bambo wina wolima nsawawa cha ku Katete ankafuna katuni yoti amate pa mabotolo a chiponde chake. Anadzijambula masana dzuwa lili paliwombo, chipewa cha mlaza chili kumutu, bandulo n'kumuthera asanapeze choti n'kusindikiza. Anati, “A alangizi, foni iyi sikundidziwa.” Ndinati, “Bambo, vulani chipewacho, muyang'ane uko kukuchokera kuwala.” Katuni yotsatira inatuluka ndi mpata wa mano awo womwe.

Chomwe chimanditopetsa ndi chizolowezi chakale choima chilili patali, nkhope yolimba ngati chithunzi cha pa reji. Enanso amatenga chithunzi chomwe chazungulira pa WhatsApp, osadziwa kuti chinafinyidwa kale ndipo mizere ya nkhope inafufutika. Ndanena izi pamisonkhano mpaka mawu kusasa.

Zochita zake n'zosavuta. Pukutani galasi la kamera ndi nsalu youma. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, mutayang'ana komwe kuli kuwala, foni ili molingana ndi maso, kumbuyo kuli khoma lopanda zambiri. Mukhale nokha, nkhope idzaze chithunzi. Chikulitseni ndi zala: ngati nsidze ndi kuyera kwa m'maso zikuoneka, chili bwino. Pa Play Store tsitsani pulogalamu monga ToonMe, sankhani mtundu wa katuni, ikani chithunzicho, dikirani pang'ono n'kusunga. Ikakufunsani zolipira, tsekani tsambalo, musavomere. Yaulere imasiya kadzina kake pachithunzi, ndiye ofuna kusindikiza aonetsetse zimenezo asanapite nacho kutauni.