Momwe mungayesere mavidiyo a malonda pa Facebook musanathirepo ndalama zambiri

Ine ndimagulitsa nsapato za sukulu, ndimaoda ku Kamwala, ndipo makasitomala ambiri amandipeza pa WhatsApp akaona vidiyo pa Facebook. Pulani yanga ndi ya masabata atatu, sabata iliyonse funso limodzi chabe. Kulowa mu Ads Manager ndi kulumikiza nambala ya WhatsApp ndikutenga kuti mukudziwa kale. Batani la Boost post lisiyeni kaye.

Sabata yoyamba yesani nyambo, ndikutanthauza masekondi atatu oyamba aja amene amaimitsa chala cha munthu. Jambulani vidiyo imodzi ya masekondi 15 mpaka 20, ndiye mu CapCut, pulogalamu yodulira mavidiyo, musinthe poyambira pokha katatu. Ine yoyamba inayamba ndi mtengo wolembedwa kukula pa sikirini, yachiwiri ndi dzanja langa likupinda nsapato pakati kuonetsa kuti soli sikuthyoka, yachitatu ndi funso lakuti "mwana wanu watha mapeya angati chaka chino?" Zina zonse zikhale chimodzimodzi, mawu apansi, anthu amene mukuwafuna, dera, zonse. Mulembenso mawu pa vidiyopo chifukwa wina akuonera mu minibasi foni ili chete.

Manje apa ndi pamene ine ndinapsa, mumvetsere. Poyamba ndinkayesa motsatizana. Ndinalipira mnyamata wa kamera kuti andipangire vidiyo yosalala ya magetsi ndi nyimbo, ndinaiyendetsa kumapeto kwa mwezi, mameseji anabwera maningi. Itatha ndinaika yanga ya pafoni yojambula pakhonde, pakati pamwezi cha pa 12 mpaka pa 18, kunali zii. Ndinati basi ya pafoni ndi yachabechabe, ndinakalipiranso mavidiyo ena awiri. Mtima unandiwawa nditazindikira kuti sindinayese vidiyo ayi, ndinayesa matumba a anthu, kumapeto kwa mwezi alandira ndipo pakati pamwezi aliyense akusunga ya ufa ndi makala. Nsapato za sukulu ndiye zimanyanya, sabata yotsegulira temu ngakhale chithunzi chakuda chimagulitsa.

Ndiye zonse zimene mukuyerekeza ziyambe tsiku limodzi, zithe tsiku limodzi. Komanso musangoziunjika mu gulu limodzi la malonda, Facebook imasankha imodzi msanga nkuithira pafupifupi ndalama zonse, zinazo nkutsala zisanaonedwe nkomwe. Gwiritsani A/B test, iyo imagawa anthu kuti munthu mmodzi asaone mitundu yonse. Ine ndimaika ndalama yokwana ngati K50 patsiku pa iliyonse, zitatu kwa masiku 7 ndi K1,050. Ngati yachepa yesani ziwiri chabe, koma masiku musadule, Loweruka ndi Lamlungu zilowemo. Ndipo musakhudze kanthu pakati, mukasintha vidiyo kapena anthu makina amayambiranso kuphunzira.

Powerenga zotsatira, ma laiki aiwaleni. Tengani 3-second video plays mugawe ndi Impressions. Tinene kuti yaoneka ka 4,000 ndipo oonera masekondi atatu ndi 1,000, ndiye kuti mmodzi mwa anayi anaima. Kenako onani Cost per messaging conversation started, K350 ya vidiyo imodzi itabweretsa mameseji 20 ndi K17.50 umodzi. Anthu akamaima koma osalemba, nyambo ili bwino, vuto lili pakati pa vidiyo kapena pa mtengo. Zikasiyana ndi mameseji awiri atatu palibe wapambana, musadzinamize. Ine ndimalembanso mu kope amene anatumizadi ndalama, chifukwa ya funso ija inabweretsa a "zingati?" ambiri osowa pompo, ya kupinda soli ndi imene inabweretsa makolo ofunsa saizi.

Chenjeraninso ndi aja amabwera ku inibokosi kuti tikuyendetserani malonda pa akaunti yathu motchipa. Manambala simuwaona, amangokutumizirani chithunzi cha ma laiki, ndiye muyesa chiyani?

Sabata yachiwiri tengani nyambo yopambanayo muyese maonekedwe, vidiyo yoimirira ya 9:16, chithunzi chimodzi cha 4:5, ndi zithunzi zingapo zoseretsa ndi chala. Chithunzi musachinyoze, ambiri bandulo ndi yowerengera.

Sabata yachitatu ndi ya pafoni kulimbana ndi yosalala, nyambo imodzi, mawu amodzi, utali umodzi. Wa kamera mugwirizane asanajambule kuti akupatsani yoimirira ndi zidutswa zonse zosadula, ena amakana pambuyo pake kapena kufuna ndalama ina. Kwa ine ya pakhonde inapambana, koma mnzanga wa makeke a ukwati ku Kabwata yosalala ndi imene imamuyendera. Yopambanayo muonjezere bajeti pang'onopang'ono, mtengo wa meseji ukayamba kukwera jambulani nyambo zina zitatu.