Musanatumize renda ya nyumba kwa kasitomala, yambani mwaifufuza motere

Renda ndi chithunzi chomwe pulogalamu ya Blender imatulutsa kuchokera ku nyumba ya 3D yomwe mwapanga. Ikatha, musaiweruzire pawindo la Blender pomwe yathera. Isungeni kaye ndi Image > Save As, kenako tsegulani fayilo imene mwasungayo, chifukwa imeneyo ndi yomwe kasitomala adzaone. Onani kukula kwake. Ambiri poyesa ntchito amatsitsa Resolution % kufika pa 50 kuti kompyuta ifulumire, ndipo amaiwala kubwezera pa 100. Zikatero chithunzi chomwe chimayenera kukhala 1920 x 1080 chimatuluka 960 x 540. Ngati kasitomala akufuna kukachisindikiza pa pepala la A3 pa 300 dpi, pamafunika 4961 x 3508, choncho mufunseni msanga kumene chithunzicho chikupita.

Tiyerekeze kuti mwapanga zithunzi ziwiri ndi Cycles, injini yopangira renda mu Blender, za nyumba ya zipinda zogona zitatu yomwe ikamangidwe ku Lilongwe: china cha panja, china cha pabalaza. Kufufuza kwake kuli ndi ndondomeko. Yambani ndi zolakwika zomwe zimafuna kuti musinthe nyumbayo, ndipo muthere ku zolakwika za mapikiseli. Mukayamba ndi kuchotsa timadontho n'kudzazindikira pambuyo pake kuti zenera lili pamalo olakwika, renda yonse mudzaibwereza, ndipo nthawi yomwe munathera pa timadontho idzakhala yapita pachabe.

Choyamba ndi pulani. Ikani pulani yomaliza imene kasitomala anavomereza pambali pa chithunzi, pamodzi ndi mauthenga ake onse osintha zinthu, ndipo werengani ndi chala. Mazenera a kutsogolo ndi angati papulani, nanga pachithunzi? Chitseko chikutsegukira mbali iti? Nsanamira za pakhonde ndi zingati? Malata ndi a mtundu womwe anasankha? Kasitomala sadziwa za Samples, kuchuluka kwa maulendo omwe kompyuta imawerengera kuwala pa pikiseli iliyonse, koma nyumba yake amaidziwa, ndipo akangopeza kuti khomo la kukhitchini lomwe anati lisunthe lidakali pomwepo, amayamba kukayikira zina zonse ngakhale zili bwino.

Pamene mukuwerengapo, yang'anani zinthu zomwe sizikuyenera kukhalapo. Mu Blender, kubisa chinthu ndi H kapena kutseka kachizindikiro ka diso mu Outliner kumangochichotsa pamalo ogwirira ntchito basi. Kuti chisatuluke mu renda, muyenera kutseka kachizindikiro ka kamera. Ichi n'chifukwa chake khoma lakale lomwe munalibisa limapezeka litaima pakati pa balaza, kapena sofa ziwiri, yakale ndi yatsopano, zitalowana. Zimachitikanso mosiyana: chinthu chikuoneka pogwira ntchito koma kamera yake ndi yotseka, ndipo denga la khonde silituluka.

Chachiwiri ndi miyeso, ndipo apa m'pofunika kudekha chifukwa cholakwika chake sichioneka msanga. Munthu amangomva kuti chipinda chikuoneka ngati cha zidole kapena ngati holo, osadziwa chifukwa chake. Njira yotsimikiza ndi kuwerenga zinthu zomwe muyeso wake umadziwika. Balaza lathu ndi la mamita 3.6 m'lifupi ndi 4.8 m'litali, ndipo matailosi omwe kasitomala anasankha ndi a mamilimita 600 mbali zonse. Ndiye kuti payenera kukhala matailosi 6 m'lifupi ndi 8 m'litali. Mukawerenga n'kupeza 12 m'lifupi, ndiye kuti matailosi anu atuluka a mamilimita 300, ndipo chipindacho chikuoneka chachikulu kuposa chomwe amisiri adzamange. Kasitomala angagule mipando potengera chithunzi chimenecho, n'kudzapeza kuti sikukwana. Konzani pa Scale ya mu nodi ya Mapping, kapena pa UV ya pansipo.

Panja chitani chimodzimodzi ndi khoma. Chitseko wamba chimatalika pafupifupi mamita 2.1. Ngati khoma ndi la mabuloko a simenti omwe mzere uliwonse ndi mamilimita 200 kuphatikiza matope ake, pambali pa chitseko payenera kukhala mizere khumi ndi theka. Ngati ndi njerwa za mzere wa mamilimita 75, mizere ikhale 28. Mkati, pamwamba pa makabati a kukhitchini pakhale pafupifupi mamilimita 900 kuchokera pansi. Mukaona matailosi kapena njerwa zitatambasuka mbali imodzi, zazitali pakhoma ili koma zazifupi pakhoma linalo, kawirikawiri ndiye kuti munakulitsa khomalo mu Object Mode osapanga Ctrl+A > Scale. Pangani zimenezo, ndipo mutambasulenso UV.

Kamera nayo imanamiza miyeso. Ikhale pa msinkhu wa maso a munthu woimirira, pafupifupi mamita 1.6. Kenako yang'anani makona a makoma omwe ali m'mphepete mwa chithunzi: ayenera kuima chilili, mofanana ndi mphepete mwa chithunzicho. Akapendekera mkati ngati nyumba ikugwa chagada, ndiye kuti kamera yaweramutsidwa kuyang'ana m'mwamba. Bwezerani Rotation X pa 90, ndipo ngati denga silikukwana, kwezani Shift Y m'malo mopendeketsa kamera.

Chachitatu ndi mithunzi. Sankhani zinthu zitatu zoimirira, monga nsanamira, mtengo ndi mpanda, muone ngati mithunzi yake ikugwera mbali imodzi. Nsanamira ikakhala ndi mithunzi iwiri yakuthwa, ndiye kuti muli ndi madzuwa awiri: lina lili m'chithunzi cha thambo chomwe munaika mu World, lina ndi nyale ya Sun, ndipo sakuchokera kumodzi. Zimitsani limodzi kapena muwalunjikitse. Onaninso muvi wa kumpoto papulani. Lilongwe ali kummwera kwa ikweta, pafupifupi madigiri 14, kotero mu Juni dzuwa la masana limakhala kumpoto, ndipo khoma loyang'ana kummwera limakhala mumthunzi. Ngati khonde la nyumbayi layang'ana kummwera koma inu mwalisambitsa ndi dzuwa lochokera kumeneko, mwalonjeza kasitomala khonde loothera dzuwa nthawi yozizira, lomwe sadzakhala nalo. Ili ndi bodza ngakhale chithunzi chikongole bwanji.

Tsopano kulitsani chithunzi pa 100%, kuti pikiseli imodzi ya fayilo ikhale pikiseli imodzi ya sikirini. Musadumphedumphe kutsata zomwe zakukopani maso. Yambani pakona ya kumanzere m'mwamba, muziyenda mzere ndi mzere ngati mukupalira, mpaka pakona ya kumanja m'munsi. Zolakwika zambiri zimabisala m'makona, m'magalasi a mazenera ndi pansi pa mipando, kumene maso sapitako okha.

Chinthu chikaoneka cha pinki wowala, ndiye kuti Blender sakupeza chithunzi chomwe munachiveka, mwina chifukwa foda inasunthidwa kapena fayilo inachoka pa kompyuta ina. File > External Data > Report Missing Files ikuuzani chomwe chikusowa, ndipo Find Missing Files ikuthandizani kuchipeza. Musangoyang'ana pa chinthu chenichenicho. Nthawi zina chili kuseri kwa kamera, ndipo pinki wake amangoonekera pa matailosi onyezimira kapena kuthimbiriza khoma loyera.

Zigamba zakuda kapena mawanga osongoka pakhoma zimatanthauza kuti mbali ziwiri zagona pamalo amodzi ndendende, monga kapeti yomwe ili pa msinkhu umodzi ndi pansi, kapena khoma lomwe linakopedwa kawiri. Chotsani chimodzi kapena muchikweze mamilimita ochepa. Kamzere ka kuwala pamene khoma likumana ndi siling'i kamasonyeza kuti pali mpata kapena khomalo lilibe kunenepa, ndipo dzuwa likudutsa. Miyendo ya mipando ndi matayala a galimoto zikhale ndi kamthunzi kakuda kogundana nazo. Kamthunziko kakatalikira, chinthucho chikulendewera m'mwamba.

Kenako pali phokoso la chithunzi, lomwe lili mitundu iwiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Mtundu woyamba ndi timchenga tofalikira malo amdima, makamaka pasiling'i ndi m'makona a balaza momwe kuwala kumafika kutagunda kale makoma angapo. Timeneti timachepa mukawonjezera Samples, koma dziwani mtengo wake: kuti tichepe ndi theka pamafunika kuchulukitsa kanayi. Kuchoka pa 256 muyenera kufika pa 1024, ndipo renda ya mphindi 10 idzatenga pafupifupi mphindi 40. Mtundu wachiwiri ndi timadontho toyera kwambiri, apa ndi apo ngati ziphaniphani, kawirikawiri pafupi ndi galasi, chitsulo chonyezimira kapena nyale yaying'ono yowala kwambiri. Timeneti sitimvera Samples msanga. Pitani pa Light Paths > Clamping, mutsitse Indirect Light kuchoka pa 10 kufika pa 5 kapena 3. Musatsitse mopitirira, chifukwa chipinda chimazilala ndipo zonyezimira zimafa.

Denoise, yomwe imachotsa phokoso pachithunzi, imabisa zonsezi, ndipo n'chifukwa chake iyenera kukayikiridwa. Ikapatsidwa Samples zochepa imapaka m'malo moyeretsa: mizere ya thabwa imasungunuka, udzu umakhala ngati phala, ndipo khoma lopanda kanthu limachita mawanga ngati lanyowa. Yang'anani nsalu ya sofa ndi mizere ya pakati pa matailosi akutali. Kuti musabwereze chithunzi chonse poyesa, jambulani kabokosi ndi Ctrl+B muli m'kamera pamalo ovutawo, mupange renda mu Slot ina, ndipo muzisinthanitsa ziwirizo ndi J. Mukamaliza chotsani kabokosiko ndi Ctrl+Alt+B, apo ayi renda yomaliza idzatuluka kachigawo chabe.

Chomaliza ndi mtundu komanso njira yotumizira. Kuyambira Blender 4.0, View Transform imayambira pa AgX, ndipo kale inali Filmic. Zonsezi zimafewetsa malo owala kwambiri, koma zimasinthanso maonekedwe a mitundu, moti penti yomwe kasitomala anasankha pakhadi la m'sitolo imatha kutuluka yozilala. Ikani khadilo pafupi ndi sikirini, muyerekeze ndi gawo la khoma lomwe silili padzuwa lamphamvu kapena mumthunzi wakuda. Ngati Film > Transparent inali yotsegula ndipo mwasunga PNG, thambo mulibe, ndipo pafoni kumbuyo kwa nyumba kudzaoneka kwakuda kapena koyera.

Dzitumizireni nokha chithunzicho pafoni musanatumize kwa mwini wake, chifukwa iye mwina adzachionera pomwepo, ali panja masana. Makona a balaza omwe amaoneka bwino pa kompyuta m'chipinda chamdima amatha kusanduka mdima wokhawokha. Pa WhatsApp tumizani ngati Document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba imachifinya, thambo limachita mizeremizere ndipo mizere ya malata imasokonekera. Dzina la fayilo likhale ndi mbali ya nyumba ndi nambala ya kusintha, monga `balaza_v03.png`, kuti kasitomala akadzanena za chitseko nonse mudziwe chithunzi chomwe akunena. Mukakonza cholakwika chilichonse n'kupanganso renda, yambiraninso papulani, chifukwa kusuntha khoma limodzi kumatha kusiya swichi kapena katani italendewera pamalo akale.