Mmene ndinathetsera mafuta ochuluka m'mutu mwanga

Kwa nthawi yaitali tsitsi langa linkanyezimira mafuta pofika madzulo, ngakhale ndalisambitsa m'mawa. Ndinkagwiritsa ntchito shampu yotulutsa thovu lambiri, tsiku lililonse, ndi madzi otentha kwambiri. Ndikamaliza khungu linkamveka lokokeka, kenako kuyabwa, ndipo ndikamakanda mafuta aja ankafalikira tsitsi lonse.

Kukokeka kumeneko ndi kumene kunandidziwitsa kuti shampuyo ikuchotsa mafuta mopitirira. Nditawerenga kumbuyo kwa botolo, ndinapeza kuti pa mndandanda wa zinthu zopangira shampuyo, pambuyo pa madzi panalembedwa Sodium Lauryl Sulfate, mankhwala otsuka mwamphamvu zedi. Ndinagula ina yopanda mankhwalawa, yokhala ndi Cocamidopropyl Betaine, amene amatsuka mofatsa. Ndinasankha yooneka ngati madzi, chifukwa zokhuthala ngati kirimu nthawi zambiri zimakhala ndi mafuta olemetsa tsitsi.

Tsopano ndimadumphitsa tsiku limodzi osasambitsa tsitsi, madzi ndi ofunda chabe, ndipo shampu ndimapaka pakhungu ndi nsonga za zala, osati zikhadabo. Kondishona ndimaika kunsonga kwa tsitsi kokha. Sabata yoyamba inandivuta kwambiri, koma pofika yachitatu kuyabwa kunatha, ndipo tsitsi limakhala lopepuka masiku awiri.