Mtedza ndi m'bale wa nyemba, musalole ejenti akuchongereni fomu ya mwana

Ndikulemba ndili kwathu ku Ngabu, komwe ndabwera kudzaona amayi. Dzulo ndinawapeza akusinja nsinjiro zoti ndikatenge pobwerera ku Joni, ndipo ndinawaletsa. Anakhumudwa. Ndinawakhazika pamkeka n'kuwafotokozera zimene zinachitikira mdzukulu wawo chaka chatha, ndipo ndati nanunso abale anga muzimve.

Mwana wanga wamkazi mtedza umamuwenga. Tinazidziwa ali ndi zaka ziwiri konkuno: akadya phala la nsinjiro, ziwengo zinkatuluka kukamwa ndi m'khosi. Kwathu kuno anthu ankati ndi zidzolo za kutentha, poti dzuwa la m'chigwa mukulidziwa. Tinangosiya kumupatsa.

Zomulowetsa mwana kusukulu ya mkaka ku Joni n'zodziwika: kalata yobadwira, khadi la katemera, pasipoti ya kholo, fomu. Ine ndinkagwira ntchito mpaka usiku, ndiye ndinalipira ejenti, Mmalawi mnzathu amene amathandiza anthu za mapepala. Ndinamuuza maso ndi maso kuti mwanayu mtedza sadya. Fomuyo inali ya pafoni, ndipo pa gawo la zakudya zowenga panali mabokosi awiri oyandikana, `Peanuts` ndi `Tree nuts`. Iye anachonga lachiwiri lokha, n'kutumiza osandionetsa.

Sabata yachitatu a kusukulu anandiimbira masana. Ana anapatsidwa buledi wopaka chiponde, monga amachitira m'sukulu zambiri za mkaka kumeneko. Mwana analuma kawiri basi. Pasanathe mphindi 10 milomo inatupa, anasanza, mawu anasasa, ndipo popuma pankamveka kaphokoso ngati kamluzu. Aphunzitsi anaitana ambulansi, ogwira ntchito mu ambulansimo anamubaya jakisoni wa adirenalini pantchafu, ndipo anagona m'chipatala usiku umodzi.

Nditamufunsa ejenti uja, anandiyankha kuti, "Achimwene, mtedza ndi mtedza, bokosi lililonse n'chimodzimodzi." Sanapepese. Anafunsanso za ndalama yake yotsala! Ku ofesi ya sukulu anangonditembenuzira kompyuta n'kundionetsa pamene panachongedwa, akuti iwo anatsatira zimene kholo linalemba. Kholo lake liti, ine fomuyo sindinaione? Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, chifukwa mwana wanga akanapita chifukwa cha munthu amene analandira ndalama yanga koma osadziwa chimene akuchonga.

Mvetserani tsono. Mtedza wathuwu suli m'gulu la mtedza wa m'mitengo. Ndi wa banja limodzi ndi nyemba, khobwe, nandolo, nzama ndi soya. Aliyense amene anaulimapo akudziwa: duwa lachikasu limatuluka pamwamba, likafota kamtsitsi kamaloza pansi n'kulowa m'dothi, ndipo makoko amakhwimira mmenemo. Sendani khoko muone mmene njere zandandalikirana, ngati nyemba. Zulani tsinde muone timaso pamizu, tomwe tija timawonjezera chonde m'nthaka monga amachitira khobwe. Ngakhale Mabunu amautchula `grondboontjie`, kutanthauza kanyemba ka m'nthaka. Koma makadamiya a ku Thyolo, mbibu za ku Mozambiki ndi amondi zimabala pamtengo, ndipo ndi zomera za mabanja ena. Vuto n'lakuti pa Chichewa zonsezi timangoti mtedza, pamene malamulo a zolemba pa zakudya ku South Africa, ku UK ndi ku America amazitchula padera. Wophika amawerenga bokosi lochongedwa, sawerenga zimene zinali m'mutu mwanu.

Musathamangirenso mbali inayo. Nditamva kuti mtedza ndi m'bale wa nyemba, mkazi wanga anafuna kuchotsa nyemba, nandolo ndi phala la soya m'nyumba. Dokotala anatiletsa. Chimene chimawenga ndi mapuloteni ena a mu mtedzamo, ndipo anthu ambiri owengedwa ndi mtedza amadya nyemba popanda vuto. Ochepa okha ndi amene mbewu zina za banjali zimawavuta, makamaka lupini, yomwe ufa wake umapezeka mu buledi ndi makeke ena ku Ulaya. Mwana amene wakhala akudya nyemba bwinobwino musamulande ndiwo yake, ngakhale zoyeza magazi zitaonetsa kachizindikiro. Zoyezazo zimatha kuloza chakudya chimene thupi limachilandira.

Choopsa chili pamene simukuyembekezera. Ngakhale si banja limodzi, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu owengedwa ndi mtedza amawengedwanso ndi mtedza wina wa m'mitengo, ndipo ena chitowe chimawavutanso, chitowe chomwe timalima kuno kuchigwa. Wanga anamuyeza pobaya timadontho pakhungu la mkono: pa mtedza panatupa, pa mbibu panatupanso, pa amondi ndi chitowe ayi. Mbibu anali asanalawepo. Choncho lero mabokosi onse awiri ndi ochonga, koma ndikudziwa chifukwa chake. Musayese mwana nokha kunyumba pomulawitsa pang'ono. Zimenezo amachita kuchipatala, jakisoni ali pafupi.

Za Piritoni ndiye zimandikwiyitsa. Amalawi timaukhulupirira ngati umachiza chilichonse. Umathandiza kuyabwa ndi ziwengo za pakhungu basi. Mukaona mawu asasa, lilime latupa, akuvutika kupuma kapena kumeza, kapena wafooka ngati akomoka, piritsi silingamupulumutse. Bayani jakisoni wa adirenalini, amene dokotala amakulemberani kuti muziyenda naye, kunja kwa ntchafu, ngakhale pamwamba pa chovala, ndipo imbani `10177` kapena `112` ngati muli ku Joni, `999` ngati muli ku UK. Mugonekeni chagada miyendo ili m'mwamba, koma ngati akubanika akhale tsonga, ndipo asaimirire kapena kuyenda. Pakatha mphindi 5 osasintha, bayani wachiwiri. Ndi chifukwa chake timayenda ndi awiri. Wanga amalemera makilogalamu 18 ndipo anamulembera wa 0.15 mg, akuluakulu amapatsidwa wa 0.3 mg. Ngakhale aoneke kuti wachira, apite kuchipatala, chifukwa vutoli limatha kubwereranso patapita maola. Jakisoniyu ndi wokwera mtengo, inde, ndipo ali ndi tsiku lothera mphamvu. Gulani.

Fomu iliyonse ya sukulu, ya kuntchito kapena ya kuchipatala, gawo la zakudya lembani nokha, kenako jambulani pafoni. Mukatero pitani mukaonane ndi wophika weniweniyo, osati wa mu ofesi yekha. Pa mapaketi fufuzani `peanuts` ndi `groundnuts`, n'chinthu chimodzi. Pakalembedwa `may contain`, bwezerani pashelefu. Mawu akuti `nut free` asakugonetseni tulo musanafunse kuti akunena mtedza uti.

Chimene tinakanganirana ndi amayi ndi katundu wa kumudzi, amene timatumizirana pabasi. Iwo ankati nsinjiro asiye, koma ufa wa mapira nditenge. Ndinawafunsa kuti asinjira mu mtondo uti. Ndi womwewo wa nsinjiro, ndipo mafuta a mtedza analowerera kale m'thabwa mwake. Kuwiritsa kapena kukazinga sikuchotsa chowengacho. Masamba otendera, futali, mthiko umene watakasa mphika wa nsinjiro n'kulowa mu wina, zonsezo mwana wanga sakhudza ngakhale tili kwa agogo ake. Mmawa uno amayi atuma mlamu wanga ku msika kukagula mtondo watsopano, sefa ndi lichero, ndipo azilemba chizindikiro ndi penti wofiira kuti wina asasinjiremo mtedza.