Nambala yopanda dzina pa pempho la wodwala ikutithera mbuzi m'makola

Chiyambireni kutentha kwa Okutobala uyu, pafoni yanga pafika mauthenga angapo opempha thandizo la odwala, ena ochokera ku Ngabu, ena ku Bangula, ena kutsidya kwa Shire cha ku Makhuwira. Onse akufanana ngati analemba munthu mmodzi. Pamwamba chithunzi cha wodwala ali pabedi, kenako mawu oti "m'bale wathu wadwalika, thandizani kangachepe", ndipo pansi pake nambala ya foni. Nambala yokhayokha. Palibe dzina la mwini nambalayo, palibe ndalama imene ikufunika, palibe tsiku. Ine ntchito yanga ndi ya m'minda ndi m'makola, koma nkhaniyi ndailowerera chifukwa pempho lotere likalephera, amene amalipira bilu ndi khola la mbuzi, ndipo nthawi zina ndi mbewu yomwe banja linasungira dzinja.

Taganizani zimene zimachitika kwa munthu amene walandira uthengawo. Tinene kuti ndi mwana wa m'mudzi momwemo, amagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo, walandira kumene malipiro ndipo mtima wothandiza ali nawo. Akuyimba *211# ngati ali pa Airtel Money, kapena *444# ngati ali pa TNM Mpamba, akulemba nambala ija, akulemba ndalama. Asanaike nambala yake yachinsinsi, pafoni pakubwera dzina la amene adzalandire, ndipo dzinalo si la wodwala, si la mkazi wake, si la munthu aliyense amene iye akumudziwa. Munthu wanzeru amaima pomwepo. Amati ndiyamba ndafunsa kumudzi, ndipo mawa lake ndalama ija yagula ufa. Sitingamunene kuti ndi woumira. Akuba a pafoni achuluka, aliyense analandirapo uthenga wabodza woti "tumizani pa nambala iyi, ija yafa", ndiye anthu anaphunzira kuopa.

Chimene chimabweretsa dzina lachilendolo tonse tikuchidziwa. Kuyambira 2018 simu khadi iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, ndipo ambiri kuno analembetsera pa chiphaso cha unzika cha mlamu, cha mwana, kapena anangotola simu imene mnzawo anasiya. Ena ziphaso zinapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, simu yatsopano nkulembetsa m'dzina la mnansi. Palibe choipa chimene banja likubisa. Koma wopereka ali ku Blantyre kapena ku Joni sangalote zimenezo ngati simunamuuze. Mzere umodzi wokha, woti "potumiza muona dzina lakuti, ameneyu ndi mchemwali wa wodwala", ukanatha nkhani yonse. Chimandikwiyitsa ndi chakuti mzerewu salipiritsa, koma anthu akuusiyabe, nkumathera mphamvu posankha chithunzi chomvetsa chisoni kwambiri.

Chizolowezi chimenechi tinachitenga pa mbale ya pamaliro. Pamaliro mbale ikamayenda, aliyense akuona amene waigwira, mlembi wakhala pambali ndi kope, ndipo madzulo amfumu kapena mwini mbumba amalengeza kuti chipepeso chakwana zakuti. Sipafunika kulemba dzina la wogwira mbale chifukwa nkhope yake ikuoneka. Tsopano mbaleyo taiika pa WhatsApp, pomwe uthenga ukhoza kudutsa m'magulu khumi tsiku limodzi, koma mlembi uja ndi chilengezo chija tazisiya m'mudzi. Ndikawauza anthu zimenezi amandiyankha kuti "aa, alangizi, tonse ndife amodzi, timadziwana." Mumadziwana inu a pamudzipo. Uthenga ukangotuluka m'gulu la mpingo wanu, wafika kwa anthu amene sanamvepo ngakhale dzina la mfumu yanu. Ndipo uthenga wopanda dzina ndi wosavuta kuuba: munthu amangofufuta nambala, nkuikapo yake, chithunzi cha mnansi wanu nkumamudyetsa iyeyo.

Sabata yatha ndinali pa khola la bambo wina wa kalabu yathu ya ziweto, tikuona za nkhupakupa. Mbuzi zinali zitatu pomwe mwezi wa Ogasiti ndinawerenga zisanu ndi ziwiri. Nditafunsa anayamba wakhala chete, kenako anati:

"Alangizi, zinapita ndi matenda a mayi a kunyumba. Anawachita opaleshoni kuchipatala cha mishoni. Mphwanga ndi amene analemba uthenga, anaika nambala yake poti foni yanga ndi ya mabatani. Anthu ankandipeza pamsika nkumati tatumiza, achimwene, tatumiza. Ine ndikamufunsa mnyamatayo akuti yalowa yochepa, ina yadulidwa poti anali ndi ngongole ya pafoni, ina anaombolera mafuta a njinga yamoto yobweretsera chakudya. Tsiku lotuluka ndalama sinakwane. Mavenda anabwera pakhomo pano, anadziwa kuti ndapanikizika, mbuzi zinayi ananditengera pa mtengo wa ziwiri."

Pamene amanena izi anali atagwira chingwe cha mbuzi yaikazi imene yatsala, akuchipotapota m'manja, maso ali pansi. Chimene chikumuwawa kwambiri si mbuzi. Mpaka lero sakudziwa amene anatumiza ndi amene anangonena pakamwa, choncho sanathokoze aliyense, ndipo a mpingo wina akumuona ngati munthu wosayamika. Mphwakeyo sakulankhulana naye. Mwina mnyamatayo sanabe ngakhale tambala, koma palibe kope loti limuyeretse, chifukwa ndalama ya odwala inalowa m'foni momwe munali kale ndalama ya kabaza, ya mayunitsi ndi ya ngongole.

Nambala yopanda dzina imayenda limodzi ndi pempho lopanda mtengo, ndipo apa mpamene chilungamo chimavuta. Aliyense m'chigwa muno akudziwa kuti pa chipatala cha boma cha Chikwawa, cha Nsanje, ngakhale ku Gulupu ku Blantyre, wodwala wa m'wodi wamba salipira. Zolipiritsa ndi zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, monga Montfort ku Nchalo kapena Trinity ku Muona, ndi zipatala za pulayiveti. Tsono mukalemba kuti "bilu ya kuchipatala" pomwe wodwala wagonekedwa kuchipatala cha boma, wowerenga wozindikira amaona ngati mukunama, chonsecho ndalama ikufunikadi. Ikufunika ya chakudya cha gadiyani, ya nkhuni ndi sopo, ya mankhwala amene mwauzidwa kuti mukagule kufamase, ya minibasi yokwera Thabwa ndi yobwerera, ndipo kwa a kutsidya, nthawi zina ya bwato. Nenani zimenezo ndi maina ake. Munthu sachita manyazi kupereka ndalama ya ufa wa gadiyani akauzidwa kuti ndi ya ufa wa gadiyani.

Tiyerekeze kuti mnansi wanu wagonekedwa kuchipatala cha mishoni. Gadiyani apite ku ofesi yolipirira akafunse kuti bilu yafika pati ndipo akuyembekeza kuti ifika pati, amulembere papepala. Tinene kuti akuti K95,000. Mayendedwe a wodwala ndi gadiyani, kupita ndi kubwerera, K45,000. Chakudya ndi zina za sabata ziwiri, K40,000. Zonse pamodzi K180,000. Banja lagulitsa thumba la mapira, banki m'khonde yabwereketsako, zakwana K60,000. Chimene mukupempha ndi K120,000, ndipo uthenga uzinena choncho:

"Mnansi wathu wa m'mudzi wakuti, kwa Gulupu wakuti, wagonekedwa kuchipatala chakuti kuyambira tsiku lakuti ndipo akuyembekeza opaleshoni. Zonse zikufunika K180,000: bilu K95,000, mayendedwe K45,000, chakudya K40,000. Banja lapeza K60,000, yatsala K120,000. Wosunga ndalama ndi msungichuma wa mpingo wathu, pa nambala yakuti ya Airtel Money, ndipo potumiza muona dzina lakuti. Mukatumiza, dziwitsani mlembi pa nambala yakuti. Tidzatseka pa tsiku lakuti ndipo tidzalengeza zonse zimene zalowa. Talemba ndi chilolezo cha wodwala ndi banja lake."

Onani kuti mulibe chithunzi, mulibenso dzina la nthenda. Munthu amene ali pabedi, botolo la madzi lili pamkono, chitenje chatsetsereka, sali pamalo oti angakane kujambulidwa, ndipo akachira chithunzicho chimakhalabe m'mafoni a anthu amene adzakumane nawo pamsika wa Lachiwiri. Mufunseni mwini wake ngati akuvomera kuti dzina lake lituluke. Akakhala kuti sangathe kulankhula, funsani amene ali ndi udindo pabanjapo, osati mnyamata amene ali ndi foni yabwino. Musawonjezere kuti "ali kayakaya" pomwe akudya phala yekha, chifukwa wina adzapita kukazonda, ndipo pempho lotsatira la m'mudzi mwanu lidzakanidwa chifukwa cha inu.

Zotsalazo ndizinena mwachidule poti si zachilendo. Nambala ikhale imodzi, kapena ziwiri zokha, ya Airtel ndi ya TNM, kuti wina asalephere chifukwa cha netiweki, ndipo zonse zikhale za anthu odziwika omwe si a m'nyumba ya wodwala. Werengani kawiri kuti manambala akwana khumi, kenako tumizanipo K500 nokha muone dzina limene likubwera musanafalitse. Foniyo ikhale yopanda ngongole, ndipo ndalama ya mwini wake ichotsedwe kaye kapena ilembedwe m'kope tsiku loyamba. Mauthenga olandirira ndalama asafufutidwe. Mlembi azilemba tsiku, dzina ndi ndalama, kuphatikizapo amene abweretsa pamanja kapena abweretsa nkhuku ndi ufa. Kutapa ndalama kwa ejenti kuli ndi mtengo wake, choncho musamatape pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndipo yodulidwayo ilembedwenso. Kukalipira kuchipatala apite awiri, abwere ndi lisiti.

Ndalama ikakwana, kapena wodwala akatuluka, kapena zikavuta, tumizani uthenga wotseka m'magulu onse amene munatumiza woyamba uja, wonena kuti yalowa yakuti, yagwira ntchito yakuti, yatsala yakuti ndipo yaperekedwa kwa wakuti, musatumizenso. Amene muli m'makalabu a ziweto, mnzanu akagonekedwa mundiyimbire mavenda asanafike pakhola, tione ngati kalabu singamugule mbuzi imodzi pa mtengo wa pamsika.