Momwe mungasungire gasi m'botolo la chakumwa nyengo yotentha

Mu Okutobala, mumzinda wa Tete dzuwa likafika madigiri 40, chakumwa chozizilitsa kukhosi chimatha gasi msanga kuposa ku Ulongwe. Botolo ndi lomwelo. Chasintha ndi kutentha.

Gasi wa m'chakumwa ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi wosungunuka m'madziwo. Madzi akatentha, tizigawo ta mpweyawu timathamanga kwambiri n'kupeza mphamvu yothawira kunja. Mpweyawu ukakhala pamwamba pa madzi ndi mphamvu yopanikiza yofanana ndi ya mpweya wa mumlengalenga, lita imodzi ya madzi imasunga magalamu pafupifupi 3.3 pa madigiri 0, magalamu 1.7 pa madigiri 20, ndipo pa madigiri 40 imasunga galamu imodzi yokha.

Nanga kufakitale amalowetsa bwanji magalamu 6 mpaka 8 mu lita? Amaupanikiza. William Henry anasonyeza mu 1803 kuti mukawirikiza kawiri mphamvu ya mpweya pamwamba pa madzi, wosungunukamonso umawirikiza kawiri. Kaphokoso kamene mumamva potsegula ndi mphamvu ija ikuthawa, ndipo thovu limatsatira pompo.

Poyamba, dzionereni nokha. Gulani mabotolo awiri ofanana, lina mugoneke m'filiji, lina muliike padzuwa ola limodzi. Tsegulani lililonse botolo litaloza kutali ndi nkhope, n'kuveka baluni kukamwa kwake mwachangu. Gwedezani pang'ono. Baluni ya botolo lotentha itupa msanga. Musayese izi ndi botolo lagalasi.

Tsono kunyumba, ziziritsani botolo musanatsegule, osati mutatsegula kale. Ngati magetsi azima, likulungeni ndi nsalu yonyowa pamthunzi podutsa mphepo, kapena liviikeni mumtsuko wa madzi. Botolo logwedezeka panjinga lisiyeni lipume kaye.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Mwatsegula botolo la malita 2, mwamwa theka, mwatseka zolimba, n'kuganiza kuti zatheka. Koma m'katimo mwatsala malo opanda kanthu okwana lita yathunthu, ndipo gasi amatuluka m'chakumwa kukadzaza malowo mpaka mbali ziwirizi zitalingana. Pa madigiri 20, botolo likakhalitsa, pafupifupi theka la gasi limasamukira pamwambapo. Pa madigiri 40 ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Mukatsegulanso, yenseyo wapita, ndipo nkhani iyambiranso.

N'chifukwa chake ine ndimati chotsalacho chithireni m'mabotolo awiri oyera a theka la lita, chikadali chozizira. Pendeketsani botolo, chiyenderere m'mbali pang'onopang'ono kuti chisachite thovu, dzazani mpaka m'khosi, tsekani zolimba, bwezerani pozizira.

Pofuna kudziwa ngati gasi akadalimo, finyani botolo lapulasitiki lili lozizira. Lolimba ndiye kuti alimo. Koma botolo lotentha lisakupusitseni: limalimba kwambiri chifukwa gasi wachoka m'chakumwa n'kuunjikana pansi pa chitsekero, kungodikira kuti mutsegule.