Nyamakazi ya gauti: mowa ndi zam'kati siziyendera limodzi

Gauti imayamba pamene yuriki asidi wachuluka m'magazi. Akapitirira mamiligalamu pafupifupi 7 pa desilita, amayamba kuundana ngati timiyala tosongoka m'malo olumikizirana mafupa, makamaka pa chala chachikulu chakuphazi. Asidiyu amapangidwa thupi likamaphwanya mapyurini, zinthu zopezeka m'thupi lathu ndi m'zakudya, ndipo magawo awiri mwa atatu a asidiyu amatuluka kudzera mu impso.

Taganizani za bambo amene wagulitsa ng'ombe pamsika ku Ngabu mwezi wa Okutobala. Tsiku lonse wakhala padzuwa, thukuta lili kamukamu, madzi sanamwe. Madzulo wakhala pachiwaya kudya chiwindi, impso ndi matumbo a mbuzi, n'kutsitsira mabotolo anayi a mowa. Pakati pa usiku chala chatupa, chafiira, chikutentha, moti ngakhale chitenje chikachikhudza akufuula.

Apa zinthu zitatu zakumana. Zam'kati zili ndi mapyurini ambiri kuposa mnofu. Mowa ukamaphwanyidwa m'chiwindi umatulutsa asidi wina amene amalimbirana njira ndi yuriki asidi mu impso, choncho yuriki asidi amatsalira m'magazi. Kuchepa kwa madzi m'thupi kumawonjezera vutolo. Mowa wa m'botolo ndi wamasese ndiwo woopsa kwambiri chifukwa uli ndi mapyurini akeake ochokera ku yisiti. Koma musanamizidwe kuti kachasu ndi wabwino poti ndi woyera. Nayenso amatsekereza impso chimodzimodzi.

Zam'kati zisiyeni ndithu. Usipa ndi matemba, zomwe timadya zathunthu ndi matumbo omwe, zichepetseni. Nyama ya ng'ombe kapena mbuzi isapitirire kukula kwa chikhatho chanu, ndipo isakhale ya tsiku ndi tsiku. Zakumwa zozizilitsa kukhosi za shuga nazo zimakweza asidiyu, ngakhale mulibe dontho la mowa.

Zimatimvetsa chisoni kuona odwala akusiya nyemba, nandolo ndi khobwe. Mapyurini a zomera sayambitsa gauti, choncho idyani momasuka pamodzi ndi masamba ndi mazira. Mkaka umathandizanso. M'chigwa cha Shire muno imwani madzi osachepera malita awiri kapena atatu pa tsiku, mpaka mkodzo uziyera, pokhapokha adokotala atakuletsani chifukwa cha mtima kapena impso.

Kusamala zakudya motere kumatsitsa asidiyu ndi pafupifupi miligalamu imodzi yokha. Ngati chala chikutupa kawiri kapena kuposerapo pachaka, pitani kuchipatala akakuyezeni magazi. Nthawi zambiri amayamba ndi mankhwala otchedwa alopurinolo a mamiligalamu 100, n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka asidi atatsika pansi pa 6. Miyezi yoyamba ululu ungabwerenso, koma musasiye mankhwala. Auzeninso ngati mukumwa asipirini kapena mapiritsi okodzetsa a kuthamanga kwa magazi, chifukwa amakweza asidiyu. Chala chikatupa limodzi ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, pitani tsiku lomwelo, mwina m'mfundomo mwalowa tizilombo.